Retina inakhala chafutambuyo: ulendo wa kuwala kuchokera pa koniya mpaka pa maselo oona

Munthu utapatsidwa ntchito yokonza diso, ungaike maselo omva kuwala kutsogolo, moyang'ana kumene kuwala kukuchokera, ndipo mitsempha yonyamula uthenga ungaidutsitse kumbuyo kuti isatchinge. Diso la munthu silili choncho. Mu retina, kansalu kopyapyala kamene kanayalidwa mkati mwa diso cha kumbuyo, maselo omva kuwala ndi amene ali kuseri kwenikweni, ndipo nsonga zake zinaloza kukhoma, kufulatira kuwala. Kuwala kumayamba kwapyoza mitsempha ya magazi, ulusi wa mitsempha ya ubongo ndi mizere ingapo ya maselo ena, kenaka n'kufika pa maselo amene amakumva. Diso la okutopasi, nyama ya m'nyanja zamchere ya miyendo isanu ndi itatu ija, linakhala mwa njira inayo: maselo ake omva kuwala ali kutsogolo.

Wophunzira akagwira mfundo imeneyi, zambiri zimene amaloweza movutikira zimayamba kumveka zokha: chifukwa chake diso lililonse lili ndi kamalo kosaona, chifukwa chake timaona bwino pakati pokha, ndiponso chifukwa chake retina imamatuka pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Koma tiyambire kunja.

Zikutiro zitatu za diso

Diso la munthu wamkulu ndi lotalika pafupifupi mamilimita 24 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndipo khoma lake lili ndi zikutiro zitatu zosanjikizana.

Chakunja ndi cholimba. Mbali yake yaikulu ndi choyera cha diso chija, sikilera, pamene panagwira minofu isanu ndi umodzi yotembenuza diso. Kutsogolo chikutiro chomwechi chimasanduka choonekera, ndipo kumeneko timachitcha koniya. Zonse ziwiri zinapangidwa ndi ulusi wa kolajeni. Kusiyana kwake n'kwakuti mu koniya ulusiwo ndi wofanana kukula, woyalidwa mwadongosolo, ndipo maselo a kuseri kwake amapopa madzi kuwachotsamo usana ndi usiku. Madzi akachulukamo, kapena chilonda chikapola n'kusiya chipsera, dongosolo lija limasokonekera ndipo koniya imachita mbuu.

Chapakati ndi cha magazi ndi utoto wakuda. Kumbuyo chimatchedwa koroyidi, ndipo pafupifupi chonse ndi timitsempha ta magazi. Chikamabwera kutsogolo chimanenepa n'kupanga mkombero wa siliyari, umene uli ndi kamnofu kosintha lenzi komanso umatulutsa madzi a kutsogolo kwa diso. Kumapeto kwake ndi ayirisi, kabwalo kamene kamapatsa diso mtundu wake. Mwana wa diso si chiwalo ayi, ndi bowo la pakati pa ayirisi, limene limachepa kufika pa mamilimita 2 padzuwa ndi kukula kufika pa mamilimita 8 mumdima.

Chamkati ndiye retina. Amene anatumbulapo diso la mbuzi kapena la ng'ombe m'kalasi amakumbukira mmene imaonekera. Ukadula diso pakati n'kutulutsa zamadzimadzi zonanda zija, retina imatsala yotuwa, yofewa, ndipo ukangoikhudza imakwinyika n'kuchoka pakhoma mosavuta. Kumbuyoko imakakamira pamalo amodzi okha, pamene pamatulukira mtsempha wopita ku ubongo. Kuseri kwake mu mbuzi mumaoneka chigamba chonyezimira chobiriwirako, chimene chimachititsa maso a ziweto kuwala usiku ukaziunika ndi tochi. Munthu alibe chimenecho. Kusakakamira kwa retina kuja kukhale m'mutu, chifukwa tikubwererako.

Njira ya kuwala

Kuwala kumayamba kugunda misozi yopyapyala imene chikope chimapaka pa koniya nthawi iliyonse tikaphethira. Kenaka kumapyola koniya yeniyeniyo, yochindikala pafupifupi theka la milimita pakati pake, n'kulowa m'madzi oyera a kutsogolo kwa diso. Kumadutsa pa mwana wa diso, kulowa mu lenzi, kenaka n'kuwoloka vitiriyasi, zamadzimadzi zonanda zimene zimadzaza mbali yaikulu ya diso. Zikatero kwafika pa retina. M'njira yonseyi mulibe mtsempha wa magazi ngakhale umodzi. Koniya imapeza okosijeni kuchokera mumpweya kudzera m'misozi, ndipo lenzi imadya kuchokera m'madzi oizungulira.

Anthu ambiri amaganiza kuti lenzi ndi imene imagwira ntchito yaikulu yopinda kuwala. Si choncho. Mphamvu yopinda kuwala amaiyeza m'madayoputa, muyeso womwe uja umalembedwa pa pepala la magalasi. Diso lonse lili ndi madayoputa pafupifupi 60, ndipo 43 mwa amenewa ndi a koniya. Lenzi imapereka otsalawo. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kumapindika kwambiri pamene kukuchoka m'chinthu china kulowa m'china chosiyana nacho kwambiri, ndipo kusiyana kwakukulu m'njira yonseyi kuli pakati pa mpweya ndi koniya. Mukatsegula maso pansi pa madzi zonse zimaoneka chimbuuzi, chifukwa madzi ndi koniya zimapinda kuwala mofanana ndithu, choncho koniya imataya pafupifupi mphamvu yake yonse. Mukavala magalasi osambira mumabwezeretsa mpweya patsogolo pa koniya, ndipo mumayambanso kuona.

Ntchito ya lenzi ndi kusintha. Mnofu wa siliyari ukakokana, ulusi umene unagwira lenzi umakhwefuka, lenzi imafufuma, ndipo zapafupi zimaoneka bwino. Lenzi imauma pang'onopang'ono ndi ukalamba, n'chifukwa chake munthu wa zaka za m'ma 40 amayamba kutalikitsa nyuzipepala powerenga. Lenzi yomweyi ikachita chifunga ndiye ng'ala.

Chithunzi chimene chimagwera pa retina chimakhala chadodolido: zakumwamba zimagwera kumunsi, zakumanja zimagwera kumanzere. Johannes Kepler analongosola zimenezi mu 1604. Muyeso wa diso uyenera kugwirizana kwambiri ndi mphamvu yake. Diso likangotalika ndi milimita imodzi kuposa mmene likufunikira, munthu amafuna magalasi a madayoputa pafupifupi 3 kuti aone zakutali.

Zigawo khumi zimene kwenikweni ndi mizere itatu

Retina ndi yopyapyala, malo ambiri siifika theka la milimita, koma mabuku amaigawa m'zigawo khumi ndipo ophunzira amavutika kuziloweza. Mmene ine ndimaonera, kuloweza mayina khumiwo musanamvetse dongosolo lake n'kudzivutitsa chabe. Retina ndi mzere wa maselo atatu opatsirana uthenga. Selo loyamba limamva kuwala, lachiwiri, lotchedwa bayipola, limalandira uthengawo n'kuupititsa, ndipo lachitatu, la gangiliyoni, limautumiza ku ubongo. Matupi a maselo a mtundu uliwonse anakhala m'mzere wawowawo, ndiye mizere itatu. Pakati pa mizereyo pali malo awiri pamene nthambi za maselo zimakumana. Ndi zigawo zisanu zimenezo, ndipo zotsalazo ndi za m'mphepete.

Tiyeni titsate kuwala pamene kukuchoka mu vitiriyasi. Choyamba kumapyola kachikopa kopyapyala ka malire a mkati. Kenaka kumadutsa ulusi wa mitsempha umene unagona chopingasa, wonse ukulowera kumalo amodzi otulukira. Ulusiwu ndi michira ya maselo a gangiliyoni, amene matupi awo ali m'chigawo chachitatu. Chachinayi ndi malo okumanira a mkati, pamene maselo a bayipola amapereka uthenga kwa a gangiliyoni. Chachisanu ndi mzere wa matupi a maselo a bayipola, ndipo momwemo mulinso maselo a mitundu iwiri olumikiza cham'mbali, a horizontali ndi a amakirini. Chachisanu ndi chimodzi ndi malo okumanira a kunja, pamene maselo omva kuwala amalankhula ndi a bayipola. Chachisanu ndi chiwiri ndi matupi a maselo omva kuwalawo. Kenaka pali kamzere ka malire a kunja, ndipo kuseri kwake, m'chigawo chachisanu ndi chinayi, ndi mmene muli nsonga zimene zimagwira kuwala. Chakhumi ndi mzere umodzi wa maselo akuda a utoto, umene unatsamira pa koroyidi.

Choncho kuwala kumalowera kunja, kupyola zigawo zisanu ndi zitatu, pamene uthenga umabwerera mkati njira yomweyo. Mawu akuti "mkati" ndi "kunja" amasokoneza ambiri pano. M'nkhani za retina, mkati ndi mbali yoyandikira pakati pa diso, kumene kuwala kumayambira kufika.

Kuti zigawo zonsezi zisabalalitse kuwala, retina yamoyo ndi yoonekera, ndipo ulusi wa mitsempha ukakhala mkati mwa diso sukhala ndi chikutiro choyera cha mafuta chimene umavala ukatuluka. Palinso maselo aatali otchedwa a Müller amene anaima kuchokera kumalire a mkati kufika kumalire a kunja. Amachirikiza ndi kudyetsa maselo ena, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 anasonyeza kuti amathandizanso kulondolera kuwala kupyola zigawozo.

Maselo omva kuwala alipo mitundu iwiri. Marodi, amene ali pakati pa 90 ndi 120 miliyoni malinga ndi mmene awerengera, amagwira ntchito kukachita mdima ndipo sasiyanitsa mitundu. Makoni, pafupifupi 5 kapena 6 miliyoni, ndi a masana, ndipo ali m'magulu atatu amene amatipatsa mitundu ya zinthu. Koma maselo a gangiliyoni angopitirira pang'ono 1 miliyoni. Izi zikutanthauza kuti retina situmiza chithunzi chonse mmene chilili. Marodi ambirimbiri amasonkhanitsa uthenga wawo pa selo limodzi la gangiliyoni, n'chifukwa chake usiku timaona kuwala kochepa kwambiri koma osati tsatanetsatane wa chinthu. Maselo olumikiza cham'mbali aja amayerekeza malo ena ndi oyandikana nawo, kotero kuti chimene chimapita ku ubongo kwenikweni ndi malire a zinthu ndi kusintha kwake.

Chifukwa chofulatira kuwala

Yankho lili pa chigawo chakhumi chija. Nsonga za marodi ndi makoni zinazikika m'maselo akuda a utoto, ndipo sizingakhale ndi moyo popanda iwo.

M'nsonga iliyonse muli timbale tambirimbiri tosanjikizana tokhala ndi mankhwala omva kuwala, opangidwa kuchokera ku vitamini A. Kuwala kukagunda kachidutswa kamodzi ka mankhwalawa, kamawongoka, ndipo sikangagwirenso ntchito mpaka katapindidwanso. Mbali yaikulu ya ntchito yopindanso imachitikira m'maselo akuda aja. Imatenga nthawi, n'chifukwa chake mukachoka pamalo owala kulowa mumdima pamatha mphindi 20 mpaka 30 kuti maso azolowere bwinobwino. Mwana amene akusowa vitamini A amayamba kupunthwa madzulo pamene masana akuona bwino, chifukwa marodi ndi amene amayamba kuvutika.

Kuwala kumawononganso nsongazo. Selo limapanga timbale tatsopano kumunsi ndi kutaya takale kumapeto, ndipo nsonga yonse ya rodi imasinthika m'masiku pafupifupi 10. Zotayidwazo zimamezedwa ndi maselo akuda omwewo. Utoto wawo umamwanso kuwala kotsala kuti kusamangobwerera uku ndi uku m'diso.

Chinanso ndi njala ya maselowa. Chodabwitsa n'chakuti rodi imagwira ntchito kwambiri mumdima. Mumdima imatulutsa mankhwala otumizira uthenga mosalekeza, ndipo kuwala kukafika kumachepetsa kutulutsako. Ntchito yosalekezayi imafuna okosijeni wambiri, ndipo amene amaupereka ndi koroyidi, mmene magazi amayenda mochuluka kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake. Magazi ochuluka chonchi sangakhale kutsogolo kwa maselo oona, angatchinge kuwala. Ayenera kukhala kuseri, ndipo maselo anjalawo ayenera kuwayandikira.

Motero retina imadya kuchokera mbali ziwiri. Zigawo za kunja, mmene muli marodi ndi makoni, zimadyetsedwa ndi koroyidi. Zigawo za mkati zimadyetsedwa ndi mtsempha wapakati wa retina, umene umalowa m'diso pamodzi ndi mtsempha wa ubongo n'kugawika nthambi pamwamba pa retina.

Kamalo kosaona ndi kamalo koona bwino

Popeza ulusi wa gangiliyoni uli kutsogolo, uyenera kuboola retina kuti utuluke. Wonse umasonkhana pa kabwalo ka pafupifupi milimita imodzi ndi theka, cha mbali ya mphuno. Pamenepo palibe rodi kapena koni. Edme Mariotte wa ku France anasonyeza zimenezi m'zaka za m'ma 1660, ndipo inunso mukhoza kudziyesa. Jambulani kamtanda papepala ndi kadontho kakuda masentimita 8 kumanja kwake. Tsekani diso lamanzere, yang'anitsitsani kamtandako ndi lamanja, ndipo muzisendeza pepalalo pang'onopang'ono kulibweretsa kumaso. Likafika pa masentimita pafupifupi 30, kadontho kaja kamazimiririka. Simuona bowo lakuda ayi, mumangoona pepala loyera, chifukwa ubongo umadzazapo ndi zimene zazungulira malowo. Muyeso wa 30 si wongopeka: kamaloka kali madigiri pafupifupi 15 kuchokera pamene mukuyang'ana, ndipo masentimita 8 amapanga madigiri 15 pa mtunda umenewo. Tsiku ndi tsiku sitikazindikira chifukwa diso linalo limaona pamalo pomwepo.

Pafupifupi mamilimita 4 kuchokera pamenepo, pakati penipeni pa kumene kuwala kumagwera, pali foveya. Apa diso linathana ndi vuto la kutchingidwa mwa kukankhira m'mbali zigawo zonse za mkati, n'kusiya kadzenje. Pansi pa kadzenjeko, malo otambalala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, pali makoni okhaokha oonda ndi othinana, popanda rodi, popanda mtsempha wa magazi, ndipo kuwala kumawafika pafupifupi mwachindunji. Kuno uthenga wa koni imodzi ukhoza kukhala ndi njira yakeyake yopita ku ubongo. Mawu amene mukuwerenga pompano mukuwaona ndi kamalo kameneka. Yang'anitsitsani liwu limodzi osasuntha diso, muona kuti mawu a mzere wachitatu kuchokera pamenepo simungawawerenge. Kusowa kwa marodi pa foveya ndi kumenenso kumachititsa kuti nyenyezi yosawala kwambiri izizimiririka mukaiyang'ana mwachindunji, n'kuonekanso mukayang'ana pambali pake pang'ono. Dera lozungulira foveya, lachikasu pang'ono, limatchedwa makyula.

Zikalakwika, chigawo chimadziulula

Mwana akamaumbika m'mimba, diso limayamba ngati kathumba kophuka kuchokera ku ubongo. Kenaka kathumbako kamabonyokera mkati, monga mmene mpira wophwa umachitira ukaudinikiza ndi chibakera, n'kusanduka kambale ka makoma awiri. Khoma lakunja limakhala maselo akuda a utoto, lamkati limakhala zigawo zina zisanu ndi zinayi. Makoma awiriwa amangogundana, samamatirirana kwenikweni. Apa ndi pamene retina ya mbuzi ija imasendekera, ndipo apanso ndi pamene ya munthu imamatukira.

Zimayamba ndi vitiriyasi, imene imasungunuka ndi kunyala munthu akamakula, n'kumakoka retina. Retina ilibe mitsempha yomva ululu, choncho ikakokedwa imangonena chimene imadziwa: munthu amaona kung'anima cha m'mbali mwa diso, makamaka mumdima. Ikang'ambika, timadontho takuda tambiri timayamba kuyandama mwadzidzidzi. Madzi akalowa pong'ambikapo amalekanitsa makoma awiri aja, marodi ndi makoni amatalikirana ndi chakudya chawo, ndipo mthunzi umayamba kuphimba mbali imodzi ya zimene munthu akuona. Chifukwa chithunzi chimakhala chadodolido, retina ikamatuka kumwamba mthunzi umaonekera kumunsi. Ameneyu ayenera kuonedwa ndi dokotala wa maso tsiku lomwelo, chifukwa zotsatira za opareshoni zimakhala zabwino kwambiri ngati makyula isanamatuke. Anthu amene saona zakutali chifukwa cha diso lalitali ali pachiopsezo chachikulu. Ng'ala siyamba chonchi. Imabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi kapena zaka, ndipo sing'anima.

Tengani tsopano munthu wachikulire wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi amene diso lake limodzi lasiya kuona mwadzidzidzi, popanda ululu. Dokotala akasuzumira mkati amapeza retina yayera, koma pakati penipeni pali kadontho kofiira. Mtsempha wapakati wa retina watsekeka. Zigawo za mkati zasowa magazi, zatupa, zasiya kuonekera, n'chifukwa chake zayera. Koma pa foveya zigawo zimenezi palibe, choncho palibe chotupa, ndipo kufiira kwa koroyidi yamoyo kukuonekerabe. Marodi ndi makoni akudyabe, koma maselo otumiza uthenga wawo ndi amene akufa, ndipo amawonongekeratu m'maola ochepa. Vutoli ndi la gulu limodzi ndi sitiroko, ndipo munthuyo amafunika kupimidwa mtima ndi mitsempha ya m'khosi mwamsanga.

Chithunzi chofanana nacho chinathandiza kwambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko dokotala wa maso Susan Lewallen ndi anzake analongosola mu 1993 zimene ankaona m'maso mwa ana odwala malungo a mu ubongo. Maselo ofiira a magazi amene ali ndi tizilombo ta malungo amamatirira m'timitsempha tating'ono ta ubongo, ndipo amachitanso chimodzimodzi mu retina, imene inaphuka kuchokera ku ubongo womwewo. Zigamba zoyera zimaoneka pa makyula, kawirikawiri mozungulira foveya n'kusiya pakati pake. Mitsempha ina imasintha mtundu kukhala yoyera kapena ya olenji, ndipo pamakhala timadontho ta magazi otayikira tokhala ndi poyera pakati. Kufunika kwake kunaoneka m'kafukufuku wa Terrie Taylor ndi anzake wofalitsidwa mu 2004. Mwa ana 31 amene anamwalira ataganiziridwa kuti ali ndi malungo a mu ubongo, 7 anapezeka kuti anafa ndi matenda ena, ngakhale kuti m'magazi mwawo munali tizilombo ta malungo. Chizindikiro chimene chinasiyanitsa bwino magulu awiriwa anawo ali moyo chinali maonekedwe a retina. Mwana wokomoka amene retina yake ilibe zizindikirozi amapatsidwabe mankhwala a malungo, koma madokotala amalimbikira kufufuza chifukwa china cha kukomokako.